Zikwatu ziwiri zomwe ndinaononga

Anzanga a Fomu 2 mukudziwa kuti Lolemba lapitali ndinafika belu litalira kale, ndipo ndinapatsidwa chibalo chotchetcha kuseri kwa zimbudzi. Aphunzitsi atandifunsa chomwe ndinachedwera ndinati ndimayanika nkhwani. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, wina kumbuyo mpaka anati, “Eti nkhwani! Bola ukanangonama kuti njinga inaphwa.” Sindinaname ayi. Ndimayanikadi nkhwani, ndipo ndalemba izi kuti mumve chifukwa chake ndinalolera chibalo.

Kwathu tilibe dimba. Amene kwanu kuli dimba mwina simungamvetse bwino, chifukwa inu mu Okutobala mumangotsikira kudambo n'kukathyola mpiru kapena repu. Ife madzi timatunga pamjigo, ndipo pamjigo wa mudzi wonse sungatungepo madzi othirira bedi la masamba, anthu angakunene. Ndiye kuyambira pakati pa Seputembala mpaka mvula itagwa n'kumeretsa bonongwe, ndiwo zathu zimakhala zomwe tinafutsa mu Malichi ndi mu Epulo. Nyemba zimakhalapo pang'ono koma sizichedwa kutha, usipa ndiye ndi wa tsiku lomwe kwapezeka ndalama. Ine ndimayenda makilomita 7 kuchokera kuno kukafika kunyumba, dzuwa la Okutobala lili pamutu, m'mimba muli zii. Chomwe ndimaganiza njira yonseyo ndi nsima ya mfutso wotendera. Tsono chaka chatha mfutsowo unatithera nthawi isanakwane, ndipo wolakwa ndinali ine.

Pakhomo pathu tilipo anthu 6: agogo, amayi, ine, alongo anga awiri ndi mng'ono wanga. Tikamadya mfutso kamodzi patsiku, chikwatu chimodzi chachikulu ngati mpira wamiyendo chimatitengera masabata awiri. Amayi amafuna zikwatu zisanu kapena kuposa apo, kuti zitifikitse kumayambiriro a Disembala. Zisanu zikumveka zochepa, koma kuti chikwatu chimodzi chidzaze pamafunika madengu asanu kapena asanu ndi limodzi a masamba aawisi. Tsamba la nkhwani ndi madzi okhaokha, likauma limatsala kanthu kochepa kopepuka. Tsiku loyamba kufutsa ndekha ndinkaganiza kuti nkhuku zandidyera, poona kuti dengu lodzaza mpaka pamwamba latsala zongokwana m'mbale ziwiri za ndiwo.

Nthawi yofutsa ndi yaifupi. Mu Febuluwale masamba amakhala ambiri koma dzuwa silidalirika, ungayanike lero mawa n'kugwa mvumbi wa masiku atatu. Ukadikiranso mpaka Meyi, nkhwani imakhala itakalamba, masamba achita chikasu, ena ayera pamwamba ngati wina wawaza phulusa. Ndiye timalimbana ndi masabata ochepa a kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, pomwe mvula ikusiya koma mpanda wa dzungu udakali wobiriwira. Nthawi yomweyonso ndi ya mayeso otsekera teremu. Apa ndi pomwe panagona vuto langa.

Koma ndiyambe ndafotokoza mmene timachitira zinthu zikamayenda bwino.

Kothyola timapita mame atauma. Sitithyola tsamba lililonse ayi. Timasankha anthete, apakatikati, omwe akula ngati chikhatho kapena kuposerapo pang'ono. Akuluakulu apansi amakhala olimba komanso odzaza mchenga womwe mvula inathovukitsira, ndipo mchenga wa mu mfutso suchoka, umakakukuta m'mano mu Okutobala. Nsonga timaisiya kuti dzungu lipitirize kuyanga. Agogo salolanso kuti tikolole masamba ambiri pa phata limodzi, amati maungu ake sakula. Nthawi ina nditadzaza dengu pamalo amodzi chifukwa cha ulesi woyendayenda, anandifunsa kuti, “Iwe, maungu mu Meyi muno udzadya a kwa yani?”

Tikafika kunyumba timakhala pansi kusadzula. Iyi ndiye ntchito yomwe ndimadana nayo. Umathyola kaphesi kumapeto n'kukoka ulusi uja wa timinga kutsikira nawo kutsamba, tsamba lililonse palokha, dengu lonse. Zala zimayabwa, zikhadabo zimada. Ukachita chinyengo n'kusiya ena osasadzula, pophika mfutsowo umakhala ndi ulusi wokola pakhosi, ndipo aliyense pamphasa amadziwa kuti wasadzula ndani. Kenako timatsuka m'beseni kawiri, madzi achiwiri tikuyang'ana pansi ngati patsalira mchenga, n'kuwayala pamphasa kwa ola limodzi kapena awiri kuti afote. Akafota amalowa ambiri mumphika. Tikatero timadula, osati tinthu ting'onoting'ono ngati ta ndiwo zophika lero, koma mokulirapo, chifukwa akauma amadzanyenyeka okha.

Pofwafwaza ndi pomwe pamafuna maso. Madzi ayambe awira kaye, ndipo asachuluke, ongokwana kuti masamba anyowe ndi kupsa ndi nthunzi. Timathiramo mchere pang'ono. Soda kapena chidulo ayi, zimenezo zimafewetsa masamba n'kukhala phala, ndipo phala silingayanikike. Masamba akalowa timavundikira, kenako n'kutembenuza ndi mthiko kuti apansi abwere pamwamba. Kwa nkhwani mphindi ngati 5 zimakwana. Agogo alibe wotchi, amangotsina tsamba limodzi: likhale lofewa, mtundu wake wobiriwira kwambiri kuposa poyamba, koma lisasungunuke pakati pa zala. Likasungunuka ndiye kuti wapsereza, pamphasa lidzamatana n'kukhala zibuma zomwe kunja zimauma koma m'kati muli madzi. Chitambe ndi khwanya ndi zolimba, zimakhalitsa pamoto kuposa nkhwani. Denje ndi therere lobala sitifwafwaza n'komwe chifukwa zimatanda, timangoyanika choncho, therere titalidula mapisi.

Ine kale ndinkaona ngati kufwafwazaku n'kuononga nkhuni chabe. Bwanji osangoyanika? Aphunzitsi a zaulimi ndi amene anandimasula. Anati tsamba ngakhale lathyoledwa, m'kati mwake mumakhala tinthu totchedwa maenzaimu tomwe timapitiriza kugwira ntchito, n'kumasintha mtundu ndi kakomedwe kake. Madzi owira amaletsa ntchito imeneyo, amaphanso tizilombo tambiri tomwe tili pamwamba pa tsamba, komanso tsamba lofwafwaza limataya madzi msanga likakhala padzuwa. Kuyanikako ndiye kumachotsa madzi omwe chuku ndi mabakiteriya amafuna kuti achulukane. Nditawauza agogo zimenezi anangoti, “Ndiye kusukuluko akukuphunzitsani zomwe ine ndinaphunzira ndilibe nsapato?”

Tikaphula timakhuthulira m'dengu kuti madzi adonthe, kenako n'kuyala pamphasa. Mphasayo isakhale pansi. Timaiika pathandala chifukwa cha nkhuku, mbuzi ndi fumbi, komanso kuti mphepo izidutsa pansi. Poyala pamafunika kumwaza ndi zala, kumasula timibulu tonse, mpaka mphasa izioneka m'mipata. Masana wina atembenuze kamodzi kapena kawiri. Dzuwa likamapendeka, mame asanayambe, timalowetsa m'nyumba, m'mawa n'kutulutsanso. Dzuwa likakhala labwino masiku awiri kapena atatu zimatheka.

Tsopano za chaka chatha. Sabata yomwe tinkalemba mayeso a teremu yachiwiri, amayi anapita kuchipatala kukadikirira azakhali omwe anali oyembekezera. Zikwatu zitatu anali atamanga kale okha. Ponyamuka anandiuza kuti, “Nkhwani ya kumunda wakumtunda ikukalamba. Uthyole Loweruka, ufutse, agogo ako akuthandiza kuyang'anira.” Agogo maso awo saona bwino masiku ano, ndipo miyendo imawavuta, ndiye kunena zoona ntchito yonse inali yanga.

Cholakwa changa choyamba chinali dyera la ntchito. Ndinafuna kumaliza zonse Loweruka limodzi kuti Lamulungu ndiwerenge masamu. Ine ndi alongo anga tinathyola madengu ambirimbiri, tinasadzula mpaka madzulo, ndinafwafwaza maulendo anayi mumphika waukulu uja wophikira thobwa. Koma mphasa tili nazo ziwiri zokha zoyanikira. Masamba oyenera mphasa zinayi ndinawapanikiza pa ziwiri, mulu wake wokhuthala ngati chala chonse. Komanso pomwe ndimamaliza kufwafwaza dzuwa linali litapita, ndiye masamba anagona usiku wonse ali onyowa. Amayi amafwafwaza m'mawa kuti masamba alandire dzuwa la tsiku lonse. Izi ndinkaziona chaka ndi chaka koma sindinkadziwa kuti ndi dala.

Lamulungu kunacha bwino, ndinatembenuza kawiri, mtima unakhala pansi. Lolemba ndinayanika m'mamawa n'kuthamangira kuno. Cha m'ma 11 koloko tili m'kati mwa pepala la masamu, ndinangoona pawindo kwada. Anzanga, funso lomwe ndinali nalo pamaso sindinalionenso, m'mutu munali mphasa basi. Kunagwa mvula yamawawa, yosachuluka. Agogo anayesetsa kukoka mphasa imodzi mpaka pakhonde, inayo inanyowa ndithu mng'ono wanga asanabwere kuchokera ku pulayimale.

Lachiwiri kunali mitambo tsiku lonse. Lachitatu dzuwa linawala masana okha. Nditafika madzulo ndinagwira pamwamba, masamba anali kulira kuti tswatswa. Ndinati basi zauma. Ndinali nditatopa nazo, mawa lake kunali mayeso ena awiri, ndipo ndinkafuna amayi akamabwera apeze zikwatu zili lende kudenga, anditame. Agogo anafunsa ali m'nyumba kuti, “Wathyola kaphesi?” Ine ndinayankha kuti eya, chonsecho sindinathyole.

Kuthyola kaphesi ndiye muyeso weniweni. Mbali yopyapyala ya tsamba imauma msanga ndipo imanamiza. Madzi amabisala mu timapesi ndi m'mitsempha ikuluikulu ya tsamba. Umatenga kaphesi konenepa kuchokera pansi pa mulu, osati pamwamba, n'kukapinda. Kakathyoka kuti thyo, zauma. Kakangopindika ngati chingwe, bwezera padzuwa, ngakhale masamba ena onse akulira bwanji. Muyeso wina ndi wofumbata: ukafinya m'dzanja n'kutambasula, zouma zimanyenyeka n'kugwa, zosauma zimatsala zitagwirana ndipo zimamveka kuzizira pachikhatho. Zonsezi ndimazidziwa. Sindinachite chifukwa ndinkaopa yankho lake.

Usiku womwewo ndinamanga zikwatu ziwiri. Masamba a msuku anali alipo kale, amayi anatsala nawo. Timagwiritsa ntchito a msuku chifukwa ndi aakulu, olimba ngati chikopa, ndipo sang'ambika akauma. Timawayala mosanjikiza m'kabeseni, nsonga zikutuluka kunja, n'kuthira mfutso pakati, kukanikiza pang'onopang'ono, kuphimba pamwamba ndi masamba ena, kenako kukulunga ndi luzi mopingasa mpaka pasaoneke mpata. Zanga zinaoneka bwino kwabasi, zozungulira kuposa za amayi. Ndinazipachika kukhitchini pambali pa zitatu zija, chakumtunda komwe kumafika utsi, poti utsi umathandiza kuti kukhale kouma komanso tizilombo sitikonda kufikako. Amayi atabwera anayang'ana kudenga n'kunena kuti, “Koma mwana wanga wakula.” Ndinasangalala sabata yonse.

Tinayamba kudya mfutso pakati pa Seputembala. Zikwatu zitatu za amayi zinatifikitsa kumapeto kwa Okutobala. Tsiku lotsitsa chachinayi ndinali pomwepo, nditangofika kuchokera kusukulu, yunifolomu ndisanavule. Amayi atangochinyamula anachigwedeza pafupi ndi khutu. Chikwatu chabwino chimapepuka ndipo chimalira m'kati. Ichi chinali chete. Atadula luzi kunatuluka fungo ngati la chovala chomwe chaiwalika chonyowa m'ndowa. Kunja masamba anali abwinobwino, koma pakati panali chibuma chakuda, chomatana, chokutidwa ndi chuku chotuwa ngati thonje lakale. Anatsitsa chachisanu, chimodzimodzi.

Ine ndinati tichotse pakatipo, zam'mbalizo tiphike. Amayi anakana. Anati chuku chomwe ukuchiona ndi chochepa, mizu yake imakhala italowerera ponse, ndipo sangadyetse ana zinthu zonunkha choncho. Aphunzitsi a zaulimi ananenanso zofanana titafika pa mutu wa kasungidwe ka mbewu, kuti mitundu ina ya chuku imasiya poizoni yemwe satha ngakhale uphike. Zonse tinakataya kudzala. Madengu oposa khumi, Loweruka lathunthu la anthu atatu, nkhuni mtolo wonse.

Amayi sanandimenye, sanakalipenso. Anangofunsa kuti, “Unathyola kaphesi?” Agogo anali pakhonde, akumva. Ndinati ayi. Agogo sanayankhule kanthu, anangopitiriza kusenda mtedza wawo. Bola akanandikalipira.

Masabata anayi otsatirawo ndiwo amene amandipangitsa kulolera chibalo lero. Novembala ndi mwezi woipa kupempha ndiwo kwa anansi, aliyense chikwatu chake chimakhala chikutha. Masiku ena tinkadya nsima ndi nsinjiro zowiritsa ndi mchere basi. Ndalama yomwe amayi anasunga kuti andigulire makope inapita ku usipa ndi matemba, ndiye amene munkandiona ndikulemba notsi za maphunziro awiri m'kope limodzi, chifukwa chake n'chimenecho. Loweruka lililonse ine ndi mlongo wanga wamkulu tinkapita kukathirira m'dimba la bambo ena kutsidya kwa mtsinje, malipiro ake mpiru ndi matimati. Mng'ono wanga, amene sadziwa kubisa mawu, tsiku lina pakudya anati, “Achemwali, mfutso wanu uja unali wokoma bwanji.” Alongo anga anaseka mpaka kutsamwa.

Chaka chino ndikufutsa pang'onopang'ono, madengu awiri pa ulendo umodzi, dengu limodzi mphasa imodzi. Ndimathyola ndi kusadzula madzulo, n'kuwayala m'nyumba osanyowetsa. M'mamawa ndimatsuka, kufwafwaza ndi kuyanika ndisananyamuke, ndipo mng'ono wanga amene amaweruka msanga ndi amene amatembenuza ndi kuyang'ana mitambo. Ndimamulipira ndi chingamu, si zaulere ayi. Zikauma sindimanganso tsiku lomwelo. Ndimayamba ndazisiya pamthunzi kuti zizizire, chifukwa masamba otentha ukawatsekera amachita thukuta. Kenako ndimathira m'thumba loyera la ufa lomwe limapitisa mpweya, ndipo pakatha masiku angapo ndimatulutsanso padzuwa tsiku limodzi ndisanamange chikwatu. Anthu ena masiku ano amasungira m'majumbo kapena m'zigubu zotseka. Zimatheka, ndipo tizilombo sitilowa, koma jumbo silikhululuka: kachinyezi kakatsalira kalibe kothawira.

Pali nkhani imodzi yomwe ine ndi agogo sitinagwirizanebe. Kusukulu kuno tinaphunzira kuti dzuwa lowomba mwachindunji limaononga zinthu za m'masamba zomwe thupi limapangira vitamini A, ndipo vitamini C wambiri amathera m'madzi ofwafwazira ndi poyanika. Zomwe zimatsalamo bwino ndi monga ayironi ndi kashiamu, poti izi dzuwa silizitha. Ndiye amalangiza kuyanika pamthunzi podutsa mphepo. Ndinayesa ndi lichero limodzi pakhonde, pomwe zina zinali padzuwa monga mwa nthawi zonse. Za pakhonde zinaumadi zili zobiriwira bwino, pomwe za padzuwa zinaderako. Koma zinatenga masiku asanu, ndipo masiku asanu a mu Epulo ndi ambiri, mvula ikhoza kubwerera, chinyezi chili mumpweya. Agogo amati, “Mfutso ndi dzuwa, za pamthunzizo ndi za anthu osadziwa njala.” Ine ndikuona kuti aphunzitsi akunena zoona pa za mavitamini, koma munthu amene anataya zikwatu ziwiri kudzala amaopa chuku kuposa kuda kwa masamba. Ndiye panopa ndikuchita zapakati: tsiku loyamba padzuwa lenileni kuti madzi ambiri achoke msanga, masiku otsatirawo ndimaphimba ndi chitenje chakale chopyapyala chomwe ndachimangirira pa timitengo pamwamba pa thandala, osakhudza masamba. Chimathandizanso ntchentche. Agogo akachiona amapukusa mutu, amati ndamangira nkhwani tchalitchi.

Kwa amene munaseka Lolemba lija, mwina simunadyepo wophikidwa bwino. Manja awiri a mfutso amakwana banja lathu lonse. Umauviika kaye m'madzi ofunda kuti ufufume, n'kuuwiritsa mpaka timapesi tafewa, kenako matimati, mchere, ndi nsinjiro pamwamba, kuvundikira pang'ono usanatakase. Ukasakaniza nkhwani ndi chitambe umakoma kuposa uliwonse pawokha. Fungo lake ndi lina, silifanana ndi la masamba aawisi, ndipo ine ndimalimva ndikangokhota pa mtengo wa mango wa pafupi ndi kwathu.

Lolemba lija ndinachedwa chifukwa nkhuni zinali zonyowa, madzi anakana kuwira msanga, ndipo masamba ndinali nditadula kale. Kuwasiya mpaka madzulo kukanakhala kubwereza za chaka chatha. Ndinasankha kutchetcha.

Pofika lero kudenga kwathu kuli zikwatu zinayi, zitatu za nkhwani ndi chimodzi cha chitambe, ndipo m'thumba muli zina zodikira. Chatisowa ndi masamba a msuku, chifukwa mitengo ya m'phiri lakwathu yambiri inapita ku makala, yotsalayo ili kutali. Ngati alipo amene amadutsa pomwe pali misuku pobwera kusukulu, andithyolereko aakuluakulu osabooka, ndidzamupatsa denje wouma. Ndimakhala desiki lachiwiri kumbali ya mawindo.